Anafika kusikelo msana wa mwana utaumbidwa kale

Mayi amene ndikufuna kukusimbirani nkhani yake ankagulitsa ndiwo zamasamba m'mbali mwa msewu waukulu, chakufupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Dzina lake ndilisunga. Kumudzi kwa amuna ake, kumene anapita chitengwa, ambiri ankangomuitana kuti mtengwa, ndipo nafenso timutchula choncho. Iye ndi amuna ake anali ndi dimba kudambo, momwe ankalima repu, mpiru, tchayinizi ndi kabichi. Mukanati muloze munthu amene thupi lake lingasowe chakudya chochokera m'masamba, iyeyu sakanabwera m'maganizo mwanu. Manja ake ankakhala obiriwira tsiku lonse.

Mwana wawo woyamba atakwanitsa zaka zitatu, anagwirizana ndi amuna ake zoti ampezere mng'ono wake. Mu Juni sanapitenso kukabayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu uja. Sanauze aliyense, ngakhale alangizi azaumoyo amene ankamubaya. Anangosiya. Amene analerapo ndi jakisoniyu akudziwa kuti ukasiya, kusamba sikubwerera mwadongosolo nthawi yomweyo: mwezi wina ubwera, wina udumpha. Mtengwa anasamba pa 3 Okutobala. Kumapeto kwa mweziwo sanaone kanthu, koma sanadabwe, poti anali atazolowera kudumphitsa.

Masiku amenewa tiwawerenge bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mayi amene wasamba pa 3 Okutobala, ngati masiku ake amayenda mwa nthawi zonse, amatha kuima cha pa 17 Okutobala. Patatha milungu iwiri ndi masiku ochepa kuchokera pamenepo, kumsana kwa kamwana ka m'mimbamo kumaoneka kachigamba kafulati ka maselo. Kachigambaka kamapindika, mbali zake ziwiri n'kutukuka mpaka kukumana, ndipo kamasanduka kapaipi. Kapaipika kamatsekeka ngati zipi yokhala ndi zokokera ziwiri: kuyambira chapakati, china kulowera kumutu, china kulowera kumatako. Mbali yakumutu ndi imene imadzakhala ubongo, yotsalayo ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana, umene umalamula miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Ntchito yotsekayi imatha pofika tsiku la 28 chiimireni mayi. Kwa mtengwa, tsiku limeneli linali cha pa 14 Novembala. Kamwanako kanali kakatali mamilimita anayi kapena asanu basi, ndipo mayi wake anali atangodumphitsa kusamba ndi milungu iwiri. Tsiku limenelo n'kutheka kuti anali pamsewu, kukanganirana mtengo wa mpukutu wa repu ndi anthu a m'minibasi.

Kuti kapaipi kaja katsekeke, maselo amafunika kuchulukana mofulumira kwambiri, ndipo selo lililonse lisanagawike pawiri limayenera kukopera malangizo ake onse a m'kati, aja amatchedwa DNA. Pokopera pamenepo pamafunika vitamini B9, dzina lake lina foleti. Thupi la munthu silidzipangira lokha vitaminiyu. Limamupeza m'chakudya, makamaka m'masamba obiriwira kwambiri, nyemba, khobwe ndi mtedza. Akachepa m'magazi a mayi pa milungu imeneyi, kutseka kuja kukhoza kulekeza panjira. Kukalekeza kumutu, mwana amabadwa ubongo ndi chibade zisanaumbike, ndipo sakhala moyo. Amapitirira m'mimba kapena patangopita maola kapena masiku ochepa. Kukalekeza kumunsi, mwana amabadwa ndi msana wotseguka, umene achipatala amautchula kuti sipayina bifida. Malo amene sanatsekeke pofika tsiku lija satsekekanso, ngakhale mayi atadya madengu a bonongwe miyezi isanu ndi itatu yotsalayo.

Nanga munthu wadimba angasowe bwanji foleti? Tiyeni tilowe m'khitchini mwake.

Masamba abwino, othyoledwa m'mamawa mame asanaume, anali a makasitomala. Amene ankabwera nawo kunyumba ndi otsala, amene akhala padzuwa la Okutobala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ofota, ena atayamba chikasu. Foleti sapirira kutentha ndi kuwala, ndipo tsamba likangothyoledwa amayamba kuchepa pang'onopang'ono. Akafika kunyumba ankawaduladula bwinobwino, tizidutswa tating'ono kwambiri monga amakondera apongozi ake, kenaka n'kuwatsuka m'beseni kawiri kapena katatu. Foleti amasungunuka m'madzi, tsono tsamba lodulidwa kale likaviikidwa, wina amatsalira m'besenimo. Akatero ankawateleka m'madzi ambiri. Ngati uli mpiru, akawira ankatsanula madzi oyambawo kuti kuwawa kuchoke, n'kuthira ena. Ankatsinanso kasoda kuti afewe msanga, nkhuni zisathe. Soda amaononga vitamini C, amene mwa zina amateteza foleti mumphika kuti asaonongeke ndi moto. Ndiwo zikatsala usiku zinkasanduka mkute, mawa n'kutenthetsanso. Ofufuza anayesapo masamba a sipinachi: owiritsa m'madzi anataya pafupifupi theka la foleti wake, pomwe ophika ndi nthunzi anataya wochepa kwambiri. Mphika wa mtengwa unkapitirira pa kuwiritsa wamba.

Palibe chimene ankachita chomwe amayi anu kapena anga sachita, ndipo sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuyamba kuloza chala ophika. Kuphika kotere kuli ndi zifukwa zake: nkhuni n'zosowa, ana amakana zowawa, ndipo masamba ogona pamsika amafunadi kutsukidwa. Koma ziwerengero sizimva chisoni. Munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 400 a foleti patsiku, ndipo woyembekezera 600. Matebulo a zakudya amasonyeza kuti magalamu 100 a bonongwe wophika, omwe ndi chipande chodzaza ndithu, amapereka pafupifupi 60. Nkhwani wophika wochuluka chomwecho amapereka cha m'ma 25. Manambalawa amasintha malinga ndi mbewu, nthaka ndi kaphikidwe, koma chithunzi chake n'chomwecho. Ndiye taganizani mbale imodzi ya ndiwo yozunguliridwa ndi anthu asanu, aliyense akungosunsa mbamu mumsuzi. Nsimayo, ya ufa woyera wokonola ndi kuviika m'madzi masiku angapo, siwonjezerapo kanthu kooneka.

Chimene chikanakweza chiwerengerochi chinali m'nyumba momwemo. Kapu imodzi ya nyemba zophika imapitirira 200, khobwe ndiye amaposa pamenepo, ndipo mtedza wodzaza dzanja umapereka cha m'ma 70. Koma nyemba za chaka chimenecho zinali zitagulitsidwa kuti agule feteleza, ndipo nsinjiro ankaziona ngati zokometsera za Lamulungu.

Pa nthawi yonseyi mtengwa sankamva chilichonse chachilendo, ndipo ichi n'chimene chimanamiza ambiri. Kusowa foleti kwambiri kumachepetsa magazi: munthu amatopa msanga, zikope ndi zikhatho zimatuwa, lilime limachita zilonda. Koma mlingo wokwanira kuti mayi asachepe magazi ndi wotsika poyerekeza ndi mlingo woteteza msana wa mwana. Mayi akhoza kukhala wamphamvu, wosenza dengu la kabichi kuchokera kudambo osapuma, koma foleti wake ali woperewera pa ntchito ya milungu inayi ija.

Mu Disembala nseru itayamba, anazindikira kuti zinthu zasintha. Ananong'oneza apongozi ake akusenda chimanga pakhonde.

"Amayi, ndikuona ngati ndaima."

"Khala chete, mwana wanga," anatero apongoziwo osatukula mutu. "Zimenezi salengeza. Anthu m'mudzi muno mitima yawo siifanana. Kusikelo udzapita pakaoneka."

Sanali kumufunira zoipa. Mwambo wobisa pathupi pakadali pang'ono uli ponseponse, ndipo wina amabisa poopa anthu oipa mtima, wina pochita manyazi, wina pongoona kutalika kwa ulendo wa kuchipatala. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi anayi alionse oyembekezera, mmodzi yekha ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Komabe, pa nkhani ya msana wa mwanayu, ngakhale mtengwa akanathamangira kuchipatala tsiku lomwe analankhula ndi apongozi akelo, akanapeza ntchito itatha kale mwezi wathawo.

Anayamba sikelo pakati pa Febuluwale, pathupi pali pa milungu 19. Anamwino anamuyeza, anamumwetsa fansida, anampatsa neti ndi kapepala ka mapiritsi ofiira owonjezera magazi. M'mapiritsi amenewa muli ayironi ndi foliki asidi, amene ndi foleti yemweyo wopangidwa ku fakitale. Mtengwa anali munthu womvera. Anamwa tsiku ndi tsiku, ngakhale ankamuchititsa nseru ndi kudetsa chimbudzi. Mapiritsiwo anagwira ntchito yawo: magazi ake anali okwanira mpaka tsiku lochira, ndipo foleti amafunikabe miyezi yonse kuti mwana akule bwino. Chimene sakanatha n'kubwerera ku Novembala.

Anachira mu Julayi, mwana wamkazi wolira mwamphamvu. Azamba atamutembenuza anangoti zii. Kumunsi kwa msana, pamwamba pang'ono pa matako, panali chotupa chofiira chokutidwa ndi kakhungu kopyapyala konyezimira, ndipo pankachucha timadzi. Mapazi onse awiri anali opindikira m'kati. Azambawo anam'goneka chafufumimba, anaphimba chotupacho ndi kansalu koyera konyowetsedwa ndi madzi amchere a kuchipatala, n'kuitanitsa ambulansi.

"Mayi, musamugoneke chagada, ndipo thewera lisafike pabalapa," anatero. "Muziyamwitsa ali chammbali. Pamenepa pakalowa tizilombo timakafika ku ubongo."

Kuchipatala chachikulu anamuchita opaleshoni yotseka balalo pa tsiku lachitatu. Madokotala amafulumira choncho, m'masiku awiri kapena atatu oyamba, poopa matenda oumitsa khosi. Dokotala anawauza mosabisa kuti opaleshoniyo ndi yotseka, siibwezeretsa mitsempha imene inaonongeka. Mmene mwana adzayendere zimatengera pamene pali bala: likakhala m'munsi kwambiri ena amadzayenda ndi zothandizira, likakhala chapamwamba amadzafuna njinga. Anawaonetsanso tepi yoyezera mutu. Ana ambiri obadwa ndi msana wotseguka chonchi madzi amadzadza m'mutu mwawo, chifukwa njira yake yotulukira imapanikizika. Patatha milungu ingapo mtengwa anaona yekha zimene anamuchenjeza: chipewa choluka cha mwanayo chinayamba kuthina, liwombo linatukuka n'kulimba, maso akuyang'ana pansi, mwana akusanza akangoyamwa. Anabwerera kukaikidwa kapaipi kopyapyala kotchedwa shanti, kodutsa pansi pa khungu kuchokera kumutu kukataya madziwo m'mimba. Mapazi anayamba kuwongoledwa ndi pulasitala wosintha mlungu uliwonse. Ndipo chimene chinamuvuta kwambiri kuphunzira chinali kulowetsa kapaipi m'chikhodzodzo cha mwana wake maola atatu kapena anayi alionse, kuti mkodzo usatsalire n'kuononga impso.

Mwanayo ali moyo, amaseka, amadziwa mawu a bambo ake. Ana otere amakula, amapita kusukulu, ena amadzagwira ntchito n'kukhala ndi mabanja. Koma dimba lija linauma chaka chimenecho, chifukwa ndalama ndi masiku zinathera m'maulendo a kuchipatala.

Kumudzi milandu inali itayamba kale. Ena ankati bambo wa mwanayo anayenda njira mkazi ali ndi pakati. Ena ankati mtengwa anaponda mankhwala panjira ya kudambo. Azakhali ena analoza jakisoni wolera uja, ena mapiritsi ofiira a kusikelo. Mlandu womalizawu ndi umene umandipweteka kwambiri, chifukwa ukafala, atsikana a m'mudzimo amayamba kutaya m'chimbudzi mapiritsi omwe akanawathandiza. Jakisoni wolera sayambitsa msana wotseguka. Mapiritsi owonjezera magazi sayambitsanso.

Kodi tinganene motsimikiza kuti ndi mphika wa mtengwa umene unachititsa? Ayi, ndipo dokotala uja sananene choncho. Msana wotseguka uli ndi zifukwa zingapo zophatikizana. Pali za kumtundu, poti matupi ena sagwiritsa bwino ntchito foleti ngakhale alipo. Pali matenda a shuga osasamalidwa bwino, kunenepa kwambiri, ndi mankhwala ena a khunyu. Amayi ambiri amadya ngati mtengwa n'kubereka ana alunga, ndipo ena amachita zonse moyenera vutoli n'kuwagwerabe. Chimene chikudziwika bwino n'chakuti mwa zifukwa zonsezi, foleti ndi amene munthu angathe kuchitapo kanthu mosavuta, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Mu 1991 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Britain, wochitikira m'mayiko asanu ndi awiri, pa amayi amene anali atakhalapo kale ndi pathupi pa mwana wa vutoli. Theka linapatsidwa mamiligalamu 4 a foliki asidi tsiku lililonse asanaime, theka lina silinapatsidwe. M'gulu losapatsidwa vutoli linabwereranso pa ana 21, m'gulu lopatsidwa pa ana 6 okha. Chaka chotsatira kafukufuku wa ku Hungary anasonyeza kuti chitetezochi chimagwiranso kwa amayi amene sizinawachitikirepo.

Pachifukwa chimenechi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense, kuyambira pamene wayamba kufuna pathupi mpaka pakwane milungu 12, azimwa mamayikulogalamu 400 a foliki asidi tsiku lililonse. Mwezi umodzi asanaime ndiwo wochepetsetsa. Miyezi iwiri kapena itatu ndiye bwino, chifukwa foleti amakwera pang'onopang'ono m'magazi, satumphuka ndi piritsi la tsiku limodzi. Wina angafunse kuti piritsi n'lachiyani masamba ali mbwee kudimba. Yankho lili paziwiri. Foliki asidi wa m'piritsi sadutsa pamoto kapena m'beseni, ndiye 400 wolembedwayo amafikadi m'mimba. Chinanso, thupi limayamwa pafupifupi yense, pomwe foleti wa m'chakudya limangotengapo cha theka. Umboni wa chitetezo umene tili nawo unachokera pa mapiritsi ndi ufa wothiridwa foliki asidi, osati pa ndiwo zokha. Ine ndimakonda bonongwe ngati wina aliyense, koma sindingauze mchemwali wanga amene akufuna mwana kuti adalire iye yekha.

Mukabwerera m'nkhaniyi n'kufunafuna tsiku limene zinthu zikanakhota, simulipeza mu Febuluwale kapena mu Disembala. Lili mu Juni, tsiku limene mtengwa anasiya jakisoni. Akanapita kwa alangizi azaumoyo aja n'kunena kuti, "Ndasiya kulera, ndikufuna mwana, ndipatseniko mapiritsi owonjezera magazi," pofika Okutobala akanakhala atamwa miyezi inayi. Palibe chinsinsi cha pathupi chimene chikanaululika, poti pathupipo panalibe. Ambiri timawadziwa mapiritsiwa ngati a amayi apakati, ndipo mayi wopanda pathupi amachita manyazi kuwapempha, mwina poopa kuti abwezedwa. Ngati pachipatala chanu palibe, m'mafamase amagulitsa foliki asidi payekha pamtengo wotsika. Werengani pa botolo kapena funsani wogulitsayo kuti piritsi limodzi lili ndi mlingo wanji, chifukwa alipo a mamayikulogalamu 400 ndi ena a mamiligalamu 5, ndipo awiriwa ndi osiyana kutalitali.

Izi sizikutanthauza kuti mphika ulibe ntchito. Mimba zambiri zimabwera zosakonzekera, ndipo mayi amene sanaganizeko zomwa piritsi chimene chili m'magazi mwake pa tsiku la 28 ndi chimene wakhala akudya miyezi yapitayo. Thupi limasungako foleti m'chiwindi, koma wongokwanira miyezi yochepa, ndipo mayi amene wangobereka kumene n'kumayamwitsa nkhokwe yake imakhala yotsika kale. Atabwerako kuchipatala, mtengwa anasintha zinthu zingapo zosafuna ndalama. Mpukutu wa panyumba amaupatula m'mawa n'kuusiya pamthunzi, wokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Amatsuka masamba ali athunthu, kudula pambuyo, ndipo sadulanso tinyenyeswa. Madzi amathira ochepa, ongokwanira kuti ndiwo zisapserere, amadikira awire kaye, n'kuponyamo masamba, kuvundikira, ndi kuphula pakatha mphindi zosapitirira khumi akadali obiriwira. Madzi otsala mumphika sataya. Amathiramo tomato ndi nsinjiro n'kukhala msuzi. Kutendera ndi nzeru yakale imene ikugwirizana ndi sayansi: kumasunga madzi a masamba aja, mtedzawo n'kuwonjezera foleti wakewake. Bonongwe ndi chitambe, zomwe kale ankaziona ngati ndiwo za osauka pamene iye ali ndi kabichi, tsopano amazipatsa malo, poti masamba obiriwira kwambiri amaposa kabichi wotuwa wa m'kati.

Apongozi ake anavomera zonsezi kupatula chimodzi. "Mpiru wosatsanula madzi ine sindidya, mwana wanga. Umenewo muzidya nokha a sukulu." Anagwirizana kuti mpiru ukhale wa apo ndi apo.

Pali malire awiri oyenera kuwadziwa. Chigwada musachifupikitsire moto pofuna kupulumutsa mavitamini: masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi kuwiritsa mokwanira, ndiye chiphikeni monga mwa nthawi zonse, foleti mukamupeze kwina. Mfutso nawo, ngakhale umatipulumutsa m'chilimwe ndipo umasunga zina zofunika m'thupi, wadutsa m'madzi otentha n'kugona padzuwa masiku, ndiye foleti wake wambiri amakhala atapita. Mwezi umene pakhomo pakudyedwa mfutso, nyemba ndi khobwe zisasowe. Za ufa, malamulo a dziko lino amafuna kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale uzithiridwa mavitamini, kuphatikizapo foliki asidi. Njirayi imagwira: ku South Africa atayamba kuchita zimenezi mu 2003, ana obadwa ndi mavutowa anachepa ndi pafupifupi atatu pa khumi alionse. Koma ambirife ufa wathu ndi wa kuchigayo cha pamudzi, ndipo m'menemo mulibe chothiridwa chilichonse.

Mwana uja atakwanitsa chaka ndi theka, mtengwa ndi amuna ake anapita limodzi kukaonana ndi dokotala. Bamboyo ndi amene anafunsa, akupotokola chipewa m'manja.

"Adokotala, tikadzafuna wina, zidzachitikanso?"

Dokotala anati zikhoza kutero. Mayi amene wabalapo mwana wa msana wotseguka mpata woti zibwerezeke ndi pafupifupi atatu kapena anayi pa 100 alionse, kuposa kwambiri mayi wina aliyense. Choncho kwa iye mlingo wa 400 uja ndi wochepa. Anamulembera m'buku lake la kuchipatala mamiligalamu 5 tsiku lililonse, kuyamba miyezi itatu asanasiye kulera, mpaka pathupi padzakwane milungu 12. Mamiligalamu 5 ndi mamayikulogalamu 5,000, kuposa kakhumi ndi kawiri mlingo wamba. Anamuchenjeza kuti asayese kufikira mlingowu pomwa mapiritsi ofiira ambirimbiri, chifukwa ayironi wochuluka choncho ndi poizoni; piritsi la mamiligalamu 5 ndi lapadera, la foliki asidi yekha. Mlingo waukuluwu madokotala amaulemberanso amayi odwala shuga ndi amene akumwa mankhwala ena a khunyu monga valupuroweti ndi kabamazepini. Wakhunyu asasiye yekha mankhwala ake poopa zimenezi, chifukwa kukomoka ali ndi pakati n'koopsa kwa onse awiri. Apite asanaime, dokotala aone ngati n'koyenera kusintha mankhwalawo.

Anawonjezera chinthu chimodzi chimene chimakhudza makamaka ife a kumadera a malungo. Fansida amene amayi amamwa kusikelo kuyambira mlungu wa 13 amapha tizilombo ta malungo potitsekera njira yopezera foleti. Mayi akapitiriza kumwa mamiligalamu 5 pa nthawi imeneyo, fansida uja amafooka. Ndiye ikakwana milungu 12, msana utatsekeka kalekale, asiye piritsi lalikulu n'kubwerera ku lofiira la masiku onse, lomwe mlingo wake sulimbana ndi fansida. Anamuuzanso kuti akadzaima adzayambe sikelo mwezi womwewo umene wadumphitsa, ndipo pakati pa milungu 18 ndi 20 adzapemphe sikani yoona msana ndi mutu wa mwana, kuti ngati pali vuto adzachirire kuchipatala kumene kuli madokotala a opaleshoni, osati kudikira ambulansi usiku.